Munthu wouma m'thupi, mkodzo wake wosukuluka: lipoti la wodwala mmodzi ndi chojambula cha lupu ya Henle

Wodwalayu anali bambo a zaka 68 amene akhala ndi vuto la mtima wofooka kwa zaka zingapo. Anabwera akudandaula chizungulire akaimirira, ludzu losatha, ndi miyendo yokokana usiku. Masabata atatu m'mbuyomo mapazi awo anatupa, ndipo anauzidwa kuti awonjezere mapiritsi okodzetsa a furosemayidi kuchoka pa 40 mg kamodzi patsiku kufika pa 80 mg kawiri patsiku, kwa masiku asanu okha. Mawu akuti "asanu okha" sanalembedwe pa pepala lawo. Kutupa kunatha, iwo n'kupitirizabe kumwa 160 mg tsiku lililonse.

Nditawayeza, lilime linali louma ndipo mitsempha ya m'khosi inali yosaoneka. Atagona, kuthamanga kwa magazi kunali 118/70, ataimirira kunatsika kufika pa 92/58, mtima n'kuchoka pa 88 kufika pa 108 pa mphindi. Mapapo anali oyera, mapazi osatupa, ndipo sikelo inaonetsa kuti atsika ndi makilogalamu 4 poyerekeza ndi mmene amalemerera akakhala bwino. M'magazi sodiyamu anali 140 mmol/L, potaziyamu 3.0, bayikaboneti 33, yuriya 14, ndipo kiriyatinini, amene amakwera impso zikafooka, anali 128 µmol/L pamene kale ankakhala pa 90.

Zonsezi zinkanena chinthu chimodzi, kuti thupi lauma. Chomwe chinaimitsa wophunzira amene ndinali naye ndi botolo la mkodzo. Unali wotuwa ngati madzi. Kulemera kwake poyerekeza ndi madzi kunali 1.010, kukolera kwake 320 mOsm/kg pamene magazi anali pa 300, ndipo sodiyamu wa mu mkodzomo anali 78 mmol/L. Bambowa ananena kuti amadzuka katatu kapena kanayi usiku kukakodza.

"Adokotala," anatero wophunzirayo titatuluka, "munthu wouma chonchi mkodzo wake umayenera kukhala wochepa, wakuda. Kodi impso zawo zafa, kapena homoni ya ADH sikutuluka?"

Funsolo ndi labwino, ndipo yankho lake silili pa homoni. ADH ndi homoni yothandiza impso kusunga madzi m'thupi, ndipo munthu wa magazi otsika chonchi ali ndi ADH wambiri. Koma ADH amangotsegula zitseko kuti madzi adutse. Sakoka madzi. Chokoka madzicho chimapangidwa pamalo ena, mu lupu ya Henle, ndipo pamenepo ndi pomwe mankhwalawa anagwira. Ndinatenga pepala, tinakhala pansi n'kujambula.

Zofunika kudziwa cholembera chisanagwire pepala

Ndikamanena kukolera, ndikutanthauza kuchuluka kwa tinthu tosungunuka m'kilogalamu imodzi ya madzi, chomwe ku labu amachitcha ozimolalite. Magazi amakhala pafupi ndi 290, koma pojambula timati 300 kuti masamu asavute. Madzi nthawi zonse amalowera kumbali yokolera kwambiri ngati khoma likuwalola kudutsa. Impso ilibe pampu yokankha madzi. Ili ndi mapampu a mchere basi, ndiye njira yokhayo yochotsera madzi mu mkodzo ndi kuudutsitsa pafupi ndi malo okolera kwambiri kuposa iwo.

Impso zimasefa malita pafupifupi 180 patsiku. Kapaipi koyamba ka nefuroni, kasefa kakang'ono ka mu impso, kamabweza magawo awiri mwa atatu a madziwa, koma kamabweza mchere ndi madzi limodzi, choncho zotsalazo zimalowa mu lupu zikadali pa 300. Lupuyi, imene Jakob Henle anaifotokoza mu 1862, ndi kapaipi komwe kamatsika kuchokera ku gawo lakunja la impso kulowa mkati mwenimweni, mu medula, n'kukhota, n'kukweranso. Miyendo iwiriyi ndi yoyandikana, madzi akuyenda mosemphana, koma makoma ake ndi osiyana kotheratu.

Mwendo wotsika uli ndi timabowo tambiri ta madzi, ma akwaporini, ndipo sukankha mchere. Umangotsatira: kunja kukakolera, madzi amatuluka mpaka zam'kati zitafanana ndi zakunja. Mwendo wokwera sulola madzi kudutsa ngakhale pang'ono. Gawo lake lakumtunda, lochindikala, lili ndi chonyamulira chotchedwa NKCC2, chomwe chimalowetsa m'selo sodiyamu mmodzi, potaziyamu mmodzi ndi makolorayidi awiri nthawi imodzi. Kuseri kwa seloyo kuli pampu yogwiritsa ntchito mphamvu ya ATP, imene imatulutsira sodiyamu m'mipata ya pakati pa timapaipi. Mchere ukutuluka, madzi akutsala. Zam'kati zikusukuluka, kunja kukukolera.

Koma pampuyi ili ndi malire. Pamalo amodzi imatha kusiyanitsa mkati ndi kunja ndi pafupifupi 200 mOsm/kg yokha, chifukwa kupyola apo mchere umayamba kudonthera m'mbuyo kudzera pakati pa maselo. Ndiye funso lenileni ndi ili: pampu yomwe mphamvu yake imathera pa 200 imafikitsa bwanji nsonga ya medula pa 1200?

Chojambula, sitepe ndi sitepe

Jambulani chilembo cha U chachitali, muchigawe m'mizere inayi yopingasa. Kumanzere ndi mwendo wotsika, kumanja ndi wokwera. Nambala ya m'mipata yapakati sindiilemba padera, chifukwa pampu ikangogwira ntchito imafanana ndi ya mwendo wotsika. Pali zochita ziwiri zokha, ndipo muzizichita mosinthana, osati pamodzi. Choyamba ndi kupopa: pa mzere uliwonse phatikizani manambala awiriwo, gawani pawiri, kenako kumanzere onjezani 100, kumanja chotsani 100. Chachiwiri ndi kusuntha: nambala iliyonse iyende bokosi limodzi, 300 watsopano alowe pamwamba kumanzere, ya pansi kumanzere ikhote n'kulowa pansi kumanja, ya pamwamba kumanja ituluke.

Poyamba paliponse pali 300. Kenako timapopa.

```
   1. poyamba        2. kupopa
   tsika  kwera      tsika  kwera
    300    300        400    200
    300    300        400    200
    300    300        400    200
    300    300        400    200
     \_____/           \_____/
```

Apa palibe chachilendo. Kusiyana kwa 200 kwaoneka chopingasa, koma kuchoka pamwamba kufika pansi zonse n'zofanana. Madzi akanakhala osayenda, nkhani ikanathera pomwepa, ndipo mkodzo wa munthu sukanapyola 400. Tsopano tisunthe, kenako tipopenso.

```
   3. kusuntha       4. kupopa
   tsika  kwera      tsika  kwera
    300    200        350    150
    400    200        400    200
    400    200        400    200
    400    400        500    300
     \_____/           \_____/
```

Pa sitepe 3 ndinauza wophunzira wanga kuti aike chala pa mzere wapansi, chifukwa chinsinsi chonse chili pamenepo. Madzi a 400 akhota, ndipo tsopano ali mu mwendo wokwera. Pampu siona kuti 400 ameneyu inam'panga yokha. Ikungoona kuti mbali ziwirizi zafanana, ndiye ikuyambanso kusiyanitsa ndi 200, koma ulendo uno ikuyambira pa 400, osati pa 300. N'chifukwa chake pansi pafika 500. Pamwamba zachitika mosiyana: 300 watsopano wakumana ndi 200, ndipo zotuluka zatsika kufika pa 150.

```
   5. kusuntha       6. kupopa
   tsika  kwera      tsika  kwera
    300    200        350    150
    350    200        375    175
    400    300        450    250
    400    500        550    350
     \_____/           \_____/
```

Onani sitepe 6 bwino. Pa mzere uliwonse kusiyana kukadali 200, pampu sinachite choposa mphamvu yake paliponse. Koma kumanzere, kutsika nawo, manambala akukwera: 350, 375, 450, 550. Kusiyana kwakung'ono kopingasa kwasanduka kusiyana kwakukulu kwa chotsika. Uku ndiye kuchulukitsa kumene dzinalo limanena, ndipo kukutheka chifukwa madzi a miyendo iwiriyi akuyenda mosemphana. Mchere wotuluka mu mwendo wokwera ukukoleretsa madzi amene posachedwa akhota n'kudzafika pa pampu yomweyo.

Mukapitiriza mpaka manambala atasiya kusintha, bokosi la pansi kumanzere limakaima pa 1100. Mukanajambula mizere iwiri yokha likanaima pa 700. Pa pepalali mzere uliwonse umawonjezera 200, zomwe zikusonyeza kuti kutalika kwa lupu ndiko kumalamula pofikira. Mwa munthu, ma nefuroni ambiri ali ndi malupu aafupi. Pafupifupi 15 pa 100 alionse ndi amene ali ndi malupu aatali ofika mkati mwa medula.

Ndimakonda chojambulachi, koma ndiyenera kunena pomwe chimanama. M'thupi kupopa ndi kusuntha zimachitika nthawi imodzi, osalekeza. Komanso pa pepala palibe mchere wochoka m'dongosololi, choncho mukapitiriza mpaka kumapeto nambala ya pamwamba kumanja imabwerera pa 300. Mu impso yeniyeni mitsempha ya magazi imanyamula mchere wina n'kupita nawo, ndipo madzi otuluka mu mwendo wokwera amakhala pafupi ndi 100, osukuluka kuposa magazi. Lembani 100 ameneyo pamwamba kumanja ndi cholembera cha mtundu wina. Anthu ambiri amadabwa akaona kuti lupu yomwe imachititsa mkodzo kukolera imatulutsa madzi osukuluka. Ntchito yake si kukoleretsa zomwe zili mkati mwake, ndi kukoleretsa malo oizungulira.

Maganizo akuti kukhota kwa lupu ndiko kumachulukitsa anachokera kwa Werner Kuhn, katswiri wa sayansi ya makemikolo, kuyambira mu 1942, ndipo mu 1959 Gottschalk ndi Mylle anawatsimikiza potenga timadontho ta madzi m'timapaipi ta impso za nyama n'kutiyeza.

Mzere wachitatu pa pepala

Kumanja kwa U jambulani paipi ina yowongoka, yotsika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Imeneyi ndi paipi yosonkhanitsa, njira yomaliza ya mkodzo. Imadutsa m'mizere yonse ija, kuyambira pa 300 mpaka pa 1200. ADH akakhala wochepa khoma lake ndi lotseka, madzi a 100 aja amadutsa osataya kanthu, mchere wina n'kuchotsedwanso panjira, mkodzo n'kutuluka ngakhale pa 50. ADH akachuluka, maselo amaika ma akwaporini a mtundu wachiwiri pakhoma loyang'ana mkodzo. Madzi ambiri amatuluka kumtunda komwe, mu gawo lakunja la impso, mmene magazi ndi ochuluka ndipo amawanyamula msanga, moti zolowa mu medula zimakhala zochepa kale ndipo zili pa 300. Zikamatsika zimafanana ndi mzere uliwonse, mpaka kutuluka zili pa nambala ya mzere womaliza. Mkodzo sungakolere kuposa nsonga ya medula, ADH achuluke bwanji.

Pali zinthu ziwiri zimene ndimawonjezera m'mphepete mwa pepala. Choyamba ndi yuriya. Mkati mwenimweni mwa medula, mwendo wokwera ndi wopyapyala ndipo ulibe NKCC2, mchere umangotuluka wokha. Kumeneko pafupifupi theka la kukolera limachokera kwa yuriya. Madzi akamachoka m'paipi yosonkhanitsa kumtunda, yuriya amatsala n'kuchulukana, ndipo pofika kumapeto ADH amam'tsegulira zitseko zake n'kutulukira m'mipata. N'chifukwa chake munthu wosowa kwambiri mapuloteni m'thupi satha kukoleretsa mkodzo mokwanira. Chachiwiri ndi timitsempha ta magazi totchedwa vaza rekita. Nato timatsika n'kukhota n'kukwera. Magazi akamatsika amatenga mchere n'kutaya madzi, akamakwera amabweza mcherewo n'kutenga madzi. Sitimanga kusiyana kuja, timangodyetsa medula popanda kukukokolola, ndipo magazi ake amayenda pang'onopang'ono.

Kubwerera pa bedi la wodwala

Ndinapempha wophunzira uja kuti adule ndi mtanda mivi yonse ya mchere pa mwendo wokwera wochindikala. Furosemayidi amachita zimenezo. Amatulutsidwa kuchoka m'magazi kulowa mu kapaipi koyamba, n'kuyenda ndi madziwo mpaka kukatseka NKCC2 kuchokera mkati. Kenako tinabwereza masitepe aja popanda kupopa. Kusuntha kokha kumangolowetsa 300 pambuyo pa 300, ndipo posakhalitsa mabokosi onse abwerera pa sitepe 1. Anayang'ana pepalalo kanthawi, n'kunena yekha kuti ndiye paipi yosonkhanitsa yatsegula zitseko koma kunja kulibe chokoka. Ndi momwemodi. Mkodzo wa 320 wa bambowa unali kutiuza nambala ya medula yawo.

Mwa wodwala weniweni kusiyanako sikufafanizika konse monga pa pepala, chifukwa mphamvu ya piritsi limodzi imatha pakapita maola pafupifupi 6 ndipo impso imayambanso kumanga. Koma kumwa 80 mg m'mawa ndi madzulo kwa masabata atatu sikunapatse medula mpata wokwanira, ndipo mkodzo womwe tinayeza unatengedwa patangopita maola atatu atamwa piritsi la m'mawa.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo ndi amene anandithandiza kufotokozera banja lawo. Munthu amayenera kutaya pafupifupi 600 mOsm ya zosungunuka patsiku. Ngati mkodzo ungakolere kufika pa 1200, theka la lita ndi lokwanira. Ngati wakanirira pa 300, pakufunika malita awiri, kaya munthuyo wamwa madzi kaya sanamwe. Onjezani pamenepo mchere umene mankhwalawa akutayitsa, pakuti mwendo wokwerawu umabweza pafupifupi gawo limodzi mwa anayi la sodiyamu yense wosefedwa, ndiye muona chifukwa chake bambowa ankauma kwinaku akukodza usiku wonse.

Zotsatira zina za magazi zinachokera pamalo omwewo. Sodiyamu wochuluka amene wapulumuka mu lupu amafika kumapeto kwa nefuroni, komwe alodositeroni, homoni yokwezedwa ndi kuuma kwa thupi, amam'sinthanitsa ndi potaziyamu ndi asidi. Apo ndi pomwe panachokera potaziyamu wa 3.0 ndi bayikaboneti wa 33. Ndinayezetsanso maginiziyamu, chifukwa potaziyamu amene amabwerera mkati mwa mwendo wokwera ndiye amapanga mphamvu ya magetsi yokankhira kashiamu ndi maginiziyamu kunja. NKCC2 akatsekedwa, zonse ziwiri zimatayika. Anapezeka pa 0.6 mmol/L, wotsika, ndipo potaziyamu sakwera bwino maginiziyamu asanakonzedwe.

Chimene ndinkaopa

Kulemera kwa 1.010 si kwa furosemayidi yekha. Timapaipi ta impso tikavulala chifukwa magazi anatsika nthawi yaitali, mkodzo umaimanso pa nambala yomweyo, sodiyamu wake ali wokwera, ndipo mwendo wokwera wochindikala ndi umodzi mwa malo osachedwa kuvulala popeza umagwira ntchito yolemetsa m'dera la okosijeni wochepa. Matenda a impso a nthawi yaitali nawonso amatero. Patsiku loyamba, piritsi lili m'thupi, sodiyamu wa mu mkodzo sakanatha kundisiyanitsira zinthuzi. Zomwe zinandilimbitsa mtima ndi zakuti yuriya anali atakwera kwambiri kuposa kiriyatinini, mkodzo unalibe puloteni kapena magazi, ndipo pa makina oonera tinthu tating'ono munalibe zidutswa zoderako zooneka ngati matope, zomwe zimachokera ku timapaipi tovulala. Shuga analibemo, ndipo kashiamu wa m'magazi anali bwino. Zakuti ADH akusowa ndinazichotsa msanga: vuto likanakhala limenelo, mkodzo ukanakhala pansi kwambiri pa magazi, cha m'ma 100 kapena kucheperapo, sodiyamu wake wochepa, chifukwa lupu ikanakhala ikusukulutsa bwinobwino. Mkodzo woima pa 300 umaloza ku lupu yomwe siikutha kukoleretsa komanso siikutha kusukulutsa.

Tinaimitsa furosemayidi. Chifukwa cha mtima wawo sindinafune kuthira madzi ambiri m'mitsempha, ndiye tinawapatsa zakumwa pakamwa pang'onopang'ono, potaziyamu ndi maginiziyamu, n'kumawayeza sikelo m'mawa uliwonse ndi kumvetsera mapapo kawiri patsiku.

M'mawa wotsatira, patapita maola oposa 20 chimwereni piritsi lomaliza, sodiyamu wa mu mkodzo anali atagwa kufika pa 16, koma kukolera kunali pa 450 pokha. Kusiyana kumeneku n'kumene kunandisangalatsa kwambiri pa nkhani yonseyi. Pampu inali itabwerera pantchito, umboni wake ndi sodiyamu uja, koma medula inali ikadali pa masitepe oyambirira a chojambula chathu. Kupopa ndi kusuntha kumafuna kubwerezedwa kambirimbiri, ndipo yuriya amachedwa kuunjikana. M'mawa wachiwiri kukolera kunali 610, kulemera 1.020, ndipo anadzuka kamodzi kokha usiku. Sindinayembekezere 1200, chifukwa impso za munthu wa zaka zimenezi sizifikako, komanso thupi linali litayamba kudzaza madzi ndipo ADH anali kutsika. Impso zovulala sizikanasintha chonchi m'masiku awiri.

Pa tsiku lachinayi kiriyatinini anali 96, potaziyamu 4.1, chizungulire chitatha, ndipo anali atabweza makilogalamu atatu. Tinayambiranso furosemayidi pa 40 mg m'mawa wokha. Powatulutsa ndinalemba pa pepala lawo, m'zilembo zazikulu, kulemera kumene ayenera kukhalapo, ndipo ndinawauza pamaso pa mwana wawo wamkazi: "Bambo, sikelo ikakwera ndi makilogalamu awiri m'masiku atatu, kapena mapazi akatupa, mubwere. Mukayamba kutsegula m'mimba, kusanza, kapena chizungulire chikabwerera, musamwe piritsili tsiku limenelo, mubwere tidzakuoneni." Patapita sabata anabwera kudzayezetsa magazi, potaziyamu ali pa 4.0, kiriyatinini pa 92, ndipo mlingo tinausiya pa 40 mg.